Chimene kompyuta siiwerengera: mabuloko, konkire ndi penti ya buloko ya makalasi

Chitukuko chomanga chikavomerezedwa m'wodi, kaya ndi kwa Kanduku, kwa Nthache kapena kwa Govati, komiti ya pamalopo imalandira mapepala awiri: pulani ya nyumba ndi chikalata cha zipangizo chimene amisiri amachitchula mwachidule kuti BOQ. Pulani aliyense amafuna kuiona. Chikalata chachiwiricho ambiri amangochitsegula n'kuchitseka, chonsecho ndalama za CDF kapena za thumba la chitukuko cha boma zimatuluka potsata manambala a m'menemo. Manambalawo akachepa, ntchito imaima khoma lili m'mawindo. Akachuluka, anthu amalipira katundu amene sadzafika pamalo.

Kale wowerengera zipangizo ankayeza pulani ndi rula, mzere ndi mzere. Masiku ano ojambula ambiri amayamba amanga nyumba yonse pa kompyuta, m'mapulogalamu monga Revit ndi ArchiCAD. Mmenemo khoma si mizere iwiri chabe. Ndi chinthu chimene pulogalamuyo imadziwa utali wake, msinkhu wake, kunenepa kwake ndi zimene lamangidwira. Wojambula akaika zenera, khomalo limabooka lokha, ndipo kukula kwake kumachepa. Akamaliza amalamula pulogalamuyo kuti itulutse mndandanda. Mu Revit, `Schedule/Quantities` imawerenga zinthu zathunthu, monga makoma, zitseko ndi mawindo, pamene `Material Takeoff` imalekanitsa zipangizo za m'kati mwa chinthu chilichonse, buloko payokha, pulasitala payokha. Chitseko chikasunthidwa kapena zenera likawonjezedwa, mndandandawo umasintha nthawi yomweyo.

Masamu a pulogalamuyo salakwika. Vuto lake ndi lakuti imawerengera zokhazo zimene munthu wajambula, ndipo mndandanda wosakwanira umatuluka waudongo mofanana ndi wokwanira.

Mwachitsanzo, pakhale buloko ya makalasi awiri, yotalika mamita 16, mulifupi mamita 7, poyeza pakati pa khoma. Makoma ndi otalika mamita atatu kuchokera pa silabu, ndipo pali khoma limodzi logawa zipinda. Makoma ozungulira ndi mamita 46, logawa zipindalo ndi mamita 7, onse pamodzi mamita 53. Kuchulukitsa ndi msinkhu wa mamita atatu kumapereka masikweya mita 159. Zitseko ziwiri ndi mawindo asanu ndi atatu a mita imodzi ndi theka mulifupi, mamita 1.2 msinkhu, zimadya pafupifupi masikweya mita 18. Khoma lenileni lotsala ndi masikweya mita 141, ndipo nambala imeneyi ndi imene imaoneka pa mndandanda wa makoma.

Kuyambira mu 2018, malamulo amene adakhazikitsidwa kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma pofuna kuteteza mitengo. Choncho pa sukulu ngati imeneyi "njerwa" ndi mabuloko a simenti kapena a dothi losakaniza ndi simenti. Buloko ya simenti yodziwika, ikaphatikizidwa ndi matope ake omangira, imatenga masentimita 40 mulitali ndi 20 msinkhu. Mu sikweya mita imodzi mumalowa mabuloko 12 ndi theka. Pulogalamu nthawi zambiri siwerenga buloko imodziimodzi. Munthu ndi amene amaiuza nambala ya 12.5 imeneyi kuti ichulukitse. Pa masikweya mita 141 pakufunika mabuloko 1,763. Ena amasweka potsitsa pa galimoto, ena amadulidwa m'makona ndi m'mbali mwa mawindo, motero amisiri amawonjezera asanu pa 100 alionse. Onse amakwana pafupifupi 1,850.

Apa ndi pamene makomiti ambiri angapunthwe, chifukwa nambala ya 1,850 ikuoneka yomveka, ndipo aliyense woyeza pulani ndi rula aipeza. Koma khoma la nyumba siliyambira pa silabu, ndipo silithera pa mamita atatu. Pansi pali khoma la m'maziko. Ngati likukwera mizere itatu ya mabuloko, amene ndi masentimita 60, pa utali wa mamita 53 ndi masikweya mita 32, kapena kuti mabuloko 400. Pamwamba pali magebulo, makoma osongoka aja amene amatseka kumapeto kwa denga. Gebulo ya mamita 7 mulifupi yokwera mita imodzi ndi theka ndi masikweya mita asanu ndi kota. Zilipo zitatu, kuphatikiza ya khoma logawa zipinda, imene iyenera kufika kudenga kuti phokoso la kalasi imodzi lisamveke ku inzake. Zitatuzo zimadya mabuloko pafupifupi 200. Wojambula wothamanga angathe kusiya makoma ali odulidwa pa mamita atatu, denga lili lenjekeke pamwamba pake, chifukwa pa pulani yoonera kumwamba palibe chimene chimaoneka cholakwika. Angathenso kusajambula maziko konse podikira injiniya. Akaphatikiza zonse, khoma ndi masikweya mita 189, ndipo mabuloko ake, pamodzi ndi osweka, ndi pafupifupi 2,480. Kusiyana kwake ndi mabuloko oposa 600, kutanthauza kuti buloko imodzi pa anayi alionse inalibe pa pepala.

Nkhani ya maziko njovuta kwambiri ku Mwanza kuno, kumene malo ambiri ndi otsetsereka. Pa kompyuta nthaka imakhala yosalala ngati tebulo pokhapokha wina atayeza malowo n'kulowetsamo miyeso yake. Pulani imodzi ya makalasi ikhoza kugwiritsidwa ntchito m'masukulu ambiri, koma maziko ake sangafanane. Pamalo opendekeka, mbali yakumtunda ikhoza kukwana ndi mizere itatu pamene yakumunsi ikufuna isanu ndi umodzi. N'chifukwa chake chikalata cholembedwa bwino chimasonyeza kuti miyeso ya m'maziko ndi yongoyerekeza, ndipo idzayezedwanso maenje akakumbidwa. Komiti imene ilipo tsiku loyezalo, ndi tepi yakeyake, imadziwa chimene chikulipiridwa.

Konkire imawerengedwa m'makyubiki mita. Silabu ya mamita 16 kwa 7, yonenepa masentimita 10, ndi makyubiki mita 11.2. Pulogalamu imathera pomwepo. Matumba a simenti amachokera ku kasakanizidwe kamene injiniya walemba. Pa muyeso wa gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a kwale, kyubiki mita imodzi imadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi asanu ndi limodzi ndi theka. Silabu imeneyi ikufuna matumba pafupifupi 73. Wowerengera ayenera kusamala kuti watenga nambala ya konkire yokha. Pa kompyuta, pansi pa nyumba pamajambulidwa ngati chinthu chimodzi cha magawo angapo: miyala yotsendera, mchenga, pulasitiki yotchinga chinyezi ndi konkire. Mndandanda wa zinthu zathunthu umaphatikiza zonsezi. Ngati miyala ndi masentimita 15 ndipo konkire ndi 10, wosasamala alemba makyubiki mita 28 pamene ofunika ndi 11.2. Chizindikiro chake n'chosavuta: nambala ya konkire ikagawidwa ndi kukula kwa silabu, yankho liyenera kufanana ndi kunenepa kolembedwa pa pulani.

Pamalo pa ntchito, masentimita ochepa ndi ndalama zambiri. Miyala yotsendera ikapanda kusalazidwa, konkire imalowa m'mabowo, ndipo silabu ya masentimita 10 imafika 12. Masentimita awiri okhawo ndi matumba ena pafupifupi 15. Zimachitikanso mosiyana: silabu ikathiridwa masentimita asanu ndi awiri ndi theka m'malo mwa 10, matumba pafupifupi 18 amene adalipiridwa salowa m'nyumbayo, ndipo ikauma palibe amene angazindikire ndi maso mpaka itayamba kung'aluka. M'mphepete mokha simokwanira kuyezamo, poti m'mphepetemo matabwa ndi amene amalamula msinkhu. Njira yodalirika ndi kuzika kachitsulo kolembedwa mzere pa masentimita 10 m'malo angapo apakati konkire ikadali yaiwisi, ndi kuwerenga matumba opanda kanthu madzulo a tsiku lothira.

Matope omangira ndi pulasitala nazonso zimadya simenti, ndipo matope omangira sajambulidwa pa kompyuta ayi. Kawirikawiri amalowa m'mtengo wa sikweya mita ya khoma. Choncho si zolondola kufananitsa matumba onse ofika pamalo ndi mzere wa konkire wokha.

Penti ili ndi msampha wake waung'ono. Kukula kwa khoma kumene kumaoneka pa mndandanda wa makoma ndi kwa mbali imodzi, koma khoma limapakidwa mkati ndi kunja. Makoma ndi magebulo a buloko ija ndi masikweya mita 157, mbali zonse ziwiri ndi 314, ndipo kupaka kawiri ndi 628. Chitini chilichonse chimalembedwa kukula kwa malo amene lita imodzi imakwanira. Ngati chalembedwa masikweya mita asanu ndi atatu, pakufunika malita pafupifupi 79, zidebe zinayi za malita 20, kupatula penti yoyamba yomwetsa pulasitala. Pulasitala yatsopano ndi yokhakhala imamwa yochuluka kuposa zolembedwa pa chitini. Wowerengera akaiwala mbali yachiwiri, pamafika zidebe ziwiri, ndipo wopaka amakwaniritsa ndi madzi. Khoma lotero limaonekera pulasitala m'kati mwa penti, ndipo mvula ya chaka chimodzi imalisiya lili mawangamawanga.

Membala wa komiti ya VDC kapena ADC safunikira kompyuta kuti aone zonsezi. Chimene angapemphe ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ndi mapepala atatu oikidwa pamodzi: pulani, chithunzi cha nyumba yodulidwa pakati choonetsa maziko mpaka denga, ndi chikalata cha zipangizo. Madeti a mapepalawo aonedwe. Mndandanda wa mu pulogalamu umasintha wokha, koma ukasindikizidwa kapena kukoperedwa ku Excel umauma pomwepo, kotero kuti pulani ya mwezi uno ikhoza kuyenda ndi chikalata cha pulani yakale, ya mawindo ochepa kapena yopanda khonde. Kenako aone ngati khoma la m'maziko lili ndi mzere wake, ngati magebulo ali m'kati mwa nambala ya makoma, ndiponso ngati nambala ya penti ili pafupifupi kawiri ya makoma apamwamba.

Nthawi yabwino yofunsa mafunso amenewa ndi kontirakitala asanasaine mgwirizano. Mabuloko 600 oiwalika akapezeka nthawi imeneyo, wojambula amangokweza makoma kufika kudenga, kujambula maziko, n'kusindikizanso chikalata tsiku lomwelo. Akapezeka khoma lili pa lintala, pamafunika pempho la ndalama zowonjezera, chilolezo cha khonsolo ndi ulendo wina wa galimoto, mwina mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ngati ndi mwezi wa Disembala, msewu wopita kusukuluko umakhala utayamba kale kuterera.