Mndandanda wa manambala wopanda mawu

Wina watumiza mndandanda wa mayina ndi manambala a foni a makolo a pasukulu kwa mlembi wa komiti, koma osanena chochita nawo. Mlembi wanzeru amayamba wafunsa kuti, “Kodi nditani nawo?” Makolowo adapereka manambala kuti azimva za ana awo, osati kuti azitsatsidwa malonda.

Msampha waukulu ndi gulu la WhatsApp. Mukangowaikamo, aliyense amaona nambala ya mnzake, kuphatikizapo ya mayi amene adathawa nkhanza kubanja. Ngakhale mutafufuta gululo, wokopera wakopera kale. Njira ya `Broadcast` imabisa manambala, komatu uthenga umangofika kwa okhawo amene adasunga nambala yanu.