Nyimbo ya Mbira Siyenda Ulendo, Imazungulira

Munthu wozolowera nyimbo za kwaya akamva mbira ya Ashona a ku Zimbabwe koyamba, kawirikawiri amati woimbayo akungobwereza chinthu chimodzimodzi. Khutu lake limadikira vesi, kolasi ndi "ameni" wotsekera, koma sizibwera.

Titenge nyimbo yakale yotchedwa Nyamaropa, yoimbidwa pa mbira dzavadzimu, mbale wake wa sansi ndi kalimba wa kwathu kuno. Chida chimenechi chili ndi timawaya tophwatalala 22 mpaka 28. Nyimbo yonse imakwana m'kugunda 48, kogawidwa m'zigawo zinayi za 12. Chigawo chilichonse chimaponda pa maliwu atatu, amene m'chinenero cha kwaya tingawayerekeze chonchi: do-mi-so, do-mi-la, do-fa-la, re-fa-la. Uku n'kuyerekeza chabe, pakuti mbira saichuna ngati piyano. Taonani kuti kuchoka pa chigawo choyamba kukafika pa chachinayi, liwu limodzi lokha ndilo limasintha nthawi iliyonse. Chachinayicho chikatha, zala zimapezeka zili kale pa choyamba, popanda msoko womveka.

M'sukulu za nyimbo za Azungu amaphunzitsa zina. Nyimbo imanyamuka pakhomo, kupita kutali, kenaka n'kubwerera kudzatha. Simfone yachisanu ya Beethoven, imene inamveka koyamba mu 1808, imayamba ndi kachidutswa ka manotsi anayi. Iye amakatambasula, kukaduladula, kukasamutsira m'makiyi ena mpaka chimake. Womvera amafunsa kuti, "Kenaka chibwera n'chiyani?"

Pa mbira chatsopano chimachokera m'kati mwa mkombero womwewo. Oimba amakhala awiri. Woyamba amatsogolera, Ashona amati kushaura. Wachiwiri amatsatira, kutsinhira, ndipo nthawi zambiri amatsalira ndi kugunda kumodzi kuti manotsi ake azigwera m'mipata ya mnzakeyo. Zikalukana bwino, khutu limayamba kutola tinyimbo tina, tam'mwamba ndi tapansi, timene palibe mmodzi wa awiriwo akutiimba payekha. Woimba akawonjezera mphamvu pa chala chimodzi, kapena akasinthanitsa kawaya ndi kena kogwirizana nako, kanyimbo kena kamatulukira pamene mafupa a nyimbo ali omwewo. N'chifukwa chake pa bira, mwambo woitana mizimu ya makolo umene umachezera usiku wonse, nyimbo imodzi imatha kuimbidwa nthawi yaitali anthu osatopa nayo.

Vuto la ophunzira a m'kalasi limayambira papepala. Ukailemba, uyenera kusankha notsi yoyamba, ndiye wophunzira amaikakamira ngati mutu wa nyimbo, chonsecho akatswiri ena amayambira pena. Wotsatira wosakhwima nayenso amaterereka n'kugwera pa kugunda kwa mnzake, ndipo zimadziwika msanga: mbira ziwiri zimamveka ngati imodzi yaphokoso, tinyimbo tija tazimirira.

Mukadzamvera Nyamaropa, gwirani kaye kugunda kwa hosho, maseche a zikho aja, kenaka sankhani liwu limodzi lapansi mulilondole mpaka libwererenso.