Uthenga wa Lamulungu madzulo

Titenge chitsanzo cha mayi wina wosoka zovala pakhonde la sitolo. Sukulu ina yamupatsa ntchito yosoka mayunifolomu 120 m'masabata 6, ndipo ndalama zogulira nsalu wabwereka kwa mkulu wake amene amagwira ntchito kutali. Anagwirizana kuti Lamulungu lililonse, akadya chakudya chamadzulo, azitumiza uthenga pa WhatsApp wonena zinthu zitatu: chimene akufuna kukwaniritsa, pamene wafika, ndi zimene achite sabata ikubwerayo. Uthenga wake wachiwiri unali wotere:

"Achemwali, mwaswera bwanji? Cholinga ndi chomwe chija, mayunifolomu 120 pofika sabata yachisanu ndi chimodzi. Sabata yatha ndinati ndisoka 20, ndasoka 13. Ndinati ndikagula mabatani Lolemba, ndinagula Lachitatu. Ndinati ndikayeza ana a Sitandade 5, sindinapite. Onse pamodzi ndasoka 27, atsala 93. Sabata ino Lolemba m'mawa ndidula nsalu ya madiresi 15, Lachinayi nthawi yopuma ndikayeza ana aja. Vuto ndi makina, akudula ulusi."

Kuwerenga uthengawu sikutha mphindi imodzi, koma muli zambiri. Mbali yofunika kwambiri ndi yapakati, pamene mayiyu akubwereza mawu ake a sabata yatha monga anawalembera, kenako n'kuika pambali pake zimene zinachitikadi. Anthu ambiri amene amayamba chizolowezichi amadumpha mbali imeneyi. Amalemba ndondomeko yatsopano Lamulungu lililonse, yokongola bwino, koma yakale ija osaiyang'ananso. Zikatero uthengawo umasanduka mndandanda wa zolakalaka. Munthu akhoza kutumiza miyezi itatu osazindikira kuti mzere umodzi wakhala ukubwera sabata ndi sabata ntchito yake osayambika.

Tsopano tiwerenge manambala a mayi uja. Akanakhala kuti akusoka 20 pa sabata, pofika pano akanakhala ndi 40, koma ali ndi 27, chifukwa sabata yoyamba anasoka 14 ndipo yachiwiri 13. Atsala 93 ndipo masabata atsala 4, kutanthauza kuti afunika kusoka oposa 23 pa sabata, chiwerengero chimene sanachifikepo ngakhale kamodzi. Akapitiriza ndi 14, pomaliza adzakhala ndi 83 okha, 37 asanasokedwe. Mtima umamuuza kuti alembe kuti sabata ino asoka 25 kuti abwezeretse. Manambala akumuuza zina: apeze telala wina womuthandiza, kapena akauze a kusukulu lero lino kuti ena adzabwera mochedwa. Kuzidziwa pa sabata yachiwiri n'kotsika mtengo. Pa sabata yachisanu, nsalu itadulidwa kale ndipo makolo akufunsa, zikanakhala nkhani ina.

Kudzinamiza kotereku si kwa atelala okha, ngakhale kuti iwo ndiwo timakonda kuwanena. Mu 1994, akatswiri a maganizo a anthu ku Canada, Roger Buehler, Dale Griffin ndi Michael Ross, anafunsa ophunzira a payunivesite kuti ntchito yawo yolemba ya chaka chomaliza iwatengera masiku angati kuti aimalize. Mayankho awo, powaphatikiza, anali pafupifupi masiku 34, koma ntchitoyo inawatengera masiku oposa 55. Chimene ofufuzawo anaona n'chakuti munthu akamalingalira za ntchito ya m'tsogolo amaona njira yosalala, ndipo sakumbukira mmene ntchito zofanana nayo zinachedwera m'mbuyomu. Maliro, kuzima kwa magetsi, mwana kudwala, zonsezi sizilowa m'ndondomeko, chikhalirecho sabata imene palibe ngakhale chimodzi mwa izo ndi yosowa. N'chifukwa chake ndondomeko ya sabata ikubwera iyenera kuchokera pa zimene munakwanitsa sabata ziwiri kapena zitatu zapitazo. Amene wakhala akusoka 14 alembe 15, osati 25.

Nanga bwanji osangolemba m'kabuku n'kusunga pansi pa pilo? Kulemba kokha kumathandiza ndithu. Koma kafukufuku wa Benjamin Harkin ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 2016 ataunika zofufuza zina 138, anapeza kuti kuyang'anira mmene ukuyendera kumathandiza kukwaniritsa cholinga, ndipo phindu lake limakula ngati zotsatirazo zalembedwa kapena zauzidwa kwa anthu ena. Kabuku sikafunsa mafunso. Mkulu wake wa mayi uja akawerenga kuti ana a Sitandade 5 sanayezedwe kachiwiri, afunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo mwina yankho lake likhala loti mayiyo alibe womusiyira makina pakhonde akachoka. Limenelo ndi vuto lotheka kulikonza, koma linabisala kuseri kwa mawu akuti "sindinapite".

Wolandira uthenga asankhidwe mosamala. Akhale munthu mmodzi kapena awiri amene adzawerengadi ndipo sakuopani. Kutumiza ku gulu la anthu 60 kumangobweretsa zithunzi za manja oomba, ndipo posakhalitsa wolembayo amayamba kulembera manjawo. Wolandirayo naye ali ndi mbali yake: ayankhe ndi funso limodzi, osati ulaliki. Akamakalipa pa 13 aliyense, sabata yotsatira 13 adzalembedwa kuti "pafupifupi 20".

Kutalika kwa uthenga kuli ndi muyeso wakale wochokera ku America. Yvon Chouinard, amene anayambitsa kampani ya zovala ya Patagonia, ankapempha antchito ake malipoti otchedwa 5-15, oti kulemba kusapitirire mphindi 15 ndipo kuwerenga kusapitirire mphindi 5. Uthenga ukayamba kudya ola lathunthu, dziwani kuti utha posachedwa, chifukwa Lamulungu lina mudzatopa, mudzadumpha, ndipo lotsatiralo mudzachita manyazi kuyambiranso.

Za tsiku, Lamulungu si lamulo. David Allen, amene buku lake la mu 2001 lotchedwa Getting Things Done linatchukitsa kuunika kwa pa sabata, amakonda Lachisanu masana, pamene anthu a mu ofesi akadalipo ndipo chimene chaiwalika chikhoza kukonzedwa tsiku lomwelo. Koma kwa wogwira ntchito mpaka Loweruka madzulo, sabata imakhala isanathe Lachisanu. Lamulungu madzulo manambala amakhala atakwana, ndipo Lolemba lili pafupi moti ndondomekoyo siiwalika. Pali malire ake komabe. Chimene munthu wasankha yekha n'chosiyana ndi bwana wolamula antchito kuti azimutumizira lipoti usiku wa tsiku lawo lopuma. Kumeneko ndiye kuwabera nthawi, ndipo Lachisanu lomwelo likwanira.

Chizindikiro choyamba chakuti chizolowezichi chayamba kuwola ndi kusowa kwa manambala ndi masiku. Mawu monga "ntchito ikuyenda bwino" kapena "ndiyesetsa kumaliza" akalowa, palibenso chimene Lamulungu lotsatira munganene kuti chachitika kapena sichinachitike. "Lachinayi nthawi yopuma ndikayeza ana" ndi mzere umene uli ndi yankho limodzi lokha. Ndipo mzere ukabwera kachitatu osachitika, usalembedwenso mmene ulili: uphwanyidwe kukhala kantchito kakang'ono, upatsidwe kwa munthu wina, kapena ufufutidwe poyera, wolandirayo auzidwe kuti zimenezo zasiyidwa. Mu uthenga wake wachitatu, mayi uja akhoza kulemba kuti: "Zoyeza ana ndapempha mnzanga wa pakhonde loyandikana, apita Lachiwiri. Ine nditsala pa makina."