Senti imodzi yosowa pa lisiti

Katundu wa madola 19.99 wagulidwa, koma m'kaundula wa sitolo mwalowa 19.98. Palibe amene waba. Senti imeneyi yatayikira m'kati mwa kompyuta, chifukwa cha momwe makinawa amasungira manambala osakwana.

Ife timawerenga m'makumi, pomwe kompyuta imagwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Mukagawa 1 ndi 3 papepala mumapeza 0.3333 mpaka pepala litatha, ndipo pamene mwalekezerapo pamakhala patatsala kanthu. Kompyuta nayo imavutika chimodzimodzi ndi nambala ngati 0.1 kapena 0.99: ikailemba ndi 0 ndi 1, nambalayo sifika pothera. Mtundu wa nambala wotchedwa `float`, womwe umatsatira muyezo wa IEEE 754 wa m'chaka cha 1985, uli ndi malo ochepa, choncho umangosunga nambala yoyandikira kwambiri. Mtengo wathu uja umasungidwa ngati 19.98999999999999843 ndi manambala ena otsatira.

Kuperewera kumeneku n'kochepetsetsa, ndipo nthawi zambiri sikuoneka. Kumaonekera pamene pulogalamu ikuchulukitsa nambala kenako n'kuidula. Taonani zomwe zimachitika mu Python:

```
>>> 19.99 * 100
1998.9999999999998
>>> int(19.99 * 100)
1998
```

Lamulo la `int` silikweza nambala kuti ifike pa yoyandikira; limangotaya zonse za kumanja kwa kadontho. Ndiye 1999 yasanduka 1998. Wina akagula zinthu zitatu zotere, kaundula aonetsa 59.94 m'malo mwa 59.97. Chosautsa n'chakuti mitengo ina, monga 19.50, imatuluka bwinobwino, chifukwa theka limalembeka lathunthu ndi 0 ndi 1. Mukaona kuti cholakwika chikubwera pa mitengo ina yokha, ndipo nthawi zonse pa mitengo yomweyomweyo, kayikirani `float`.

Njira yothetsera vutoli ndi kusunga ndalama m'masenti athunthu kuyambira pachiyambi. Mtengo ulembedwe 1999, osati 19.99, ngati ndi makwacha, ulembedwe m'matambala. Manambala athunthu kompyuta imawasunga ndendende, kotero 1999 kuchulukitsa katatu ndi 5997 nthawi zonse. Kadontho kaikidwe pomaliza penipeni, posindikiza lisiti.

Koma masenti athunthu sathetsa nkhani ya kugawa. Madola 10 ndi masenti 1000. Mukagawira anthu atatu, aliyense alandira 333 ndipo senti imodzi itsala. Wolemba pulogalamu ayenera kulamula yekha kuti senti yotsalayo ipita kwa ndani, kuti zigawo zikaphatikizidwa zibwerere pa 1000. Msonkho nawo umafuna lamulo limodzi lokhazikika: kodi uwerengedwe pa chinthu chilichonse, kapena pa ndalama zonse pamodzi? Njira ziwirizi zimatha kusiyana ndi senti.

Ngati mukulembetsa pulogalamu ya sitolo kapena ya malipiro, mufunseni wolembayo kuti ndalama akuzisunga mu mtundu wanji wa nambala. Akayankha kuti `float`, muuzeni asinthe pulogalamuyo isanayambe kugwira ntchito.