Okosijeni wochuluka amathanso kupha: odwala oyenera kukhala pa 88 mpaka 92

M'chaka cha 2010, magazini ya zachipatala ya BMJ inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku Tasmania, m'dziko la Australia. Ogwira ntchito mu ambulansi ananyamula odwala 405 obanika amene ankaganiziridwa kuti ali ndi COPD, matenda a mgonagona otsekeka njira za mpweya m'mapapo. Ena anawatsegulira okosijeni wambiri monga mwa chizolowezi. Ena anawapatsa mongoyeza, kuti kachipangizo kopanira pachala kazionetsa 88 mpaka 92 peresenti. Mwa olandira wambiri, 9 pa 100 alionse anamwalira. Mwa olandira mongoyeza, anamwalira 4 okha pa 100.

Munthu angafe bwanji ndi mpweya wopatsa moyo? Nkhani yagona pa mpweya woipa umene thupi limatulutsa, kaboni dayokisaidi. Mapapo a munthu wa COPD amaonongeka mwapatalipatali, ndipo thupi limafinya mitsempha ya magazi yopita kumalo oonongekawo kuti magazi azipita kumene kukugwira ntchito. Okosijeni akasefukira, mitsempha ija imamasuka, magazi n'kubwerera kumalo kumene sangatayeko mpweya woipa. Komanso magazi akakhuta okosijeni, sanyamulanso bwino mpweya woipawo. Ena amayambanso kupuma mwaulesi. Mapeto ake mpweya woipa umaunjikana, magazi amasanduka a asidi, munthu n'kukomoka.

Kuno kwathu anthu otere si osuta fodya okha. Alipo amayi amene aphikira nkhuni m'khitchini yopanda zenera kwa zaka zambiri, ndi ena amene TB inawasiyira mapapo oonongeka kwambiri. Onenepa mopyola muyeso, opindika msana kwambiri ndi ofooka minofu yopumira nawonso ali m'gulu lomweli. Odwala ena ambiri amafunika 94 mpaka 98 peresenti, koma awa muyeso wawo ndi 88 mpaka 92.

Tiyerekeze kuti gogo wina wa COPD wafika kuchipatala ali wefuwefu, kachipangizo kakuonetsa 82. Mpweya wamba uli ndi okosijeni 21 peresenti, ndipo gogoyu akufunika kumuonjezera pang'ono pokha. Namwino wodziwa ntchito amuveka masiki ya Venturi, imene ili ndi kapulasitiki kosakaniza okosijeni ndi mpweya wamba pa mlingo wokhazikika. Pa kapulasitikiko pamalembedwa manambala awiri: ka 24 peresenti kamafuna malita 2 kapena 3 pa mphindi, ka 28 peresenti malita 4. Ngati Venturi palibe, timachubu ta m'mphuno pa lita 1 kapena malita 2 timathandiza, kungoti mlingo wake umasinthasintha malinga ndi mmene wodwala akupumira. Pakapita mphindi zochepa namwino ayang'ananso chala. Ngati pakadali 85, akwezako pang'ono. Pakafika 90, basi, wafikapo. Pakakwera mpaka 97, atsitsa.

Masiki wamba, yopanda kapulasitiki kaja, si yabwino kwa gogoyu. Imafuna malita 5 mpaka 10, ndipo pamenepo imapereka 40 mpaka 60 peresenti. Kuitsitsa pansi pa malita 5 n'kuonongeratu zinthu, chifukwa mpweya woipa umatsalira m'masikimo wodwala n'kumaupumanso. Masiki ya chithumba, imene amaitsegulira malita 15, ndi ya munthu amene moyo wake uli pachiswe. Zikafika pamenepo ngakhale wa COPD samumana, popeza kusowa okosijeni kumapha msanga kuposa mpweya woipa. Akayamba kupeza bwino ndi pomwe amatsitsa.

Choopsa n'chakuti kachipangizo ka pachala sikaona mpweya woipa. Kakhoza kuonetsa 99 wodwala akupita. Mutu umamupweteka, manja amatentha, ndipo akawatambasula amagwedezeka mwadzidzidzi. Amayamba kusokoneza mawu, kenako kuodzera. Gadiyani amene wachezera usiku wonse akumva wodwala akubuula amati, "Zikomo, tsopano agona." Tulo timeneti n'tokayikitsa.

Zikatere amayeza magazi otengedwa mumtsempha wa padzanja. Akapeza `pH` ili pansi pa 7.35 ndipo mpweya woipa wakwera, ndipo mankhwala otsegula chifuwa sanasinthe kanthu, wodwala amafunika makina omuthandiza kupuma kudzera m'masiki yothina. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe makina oyezera magazi motere, choncho maso a namwino ndi amene amagwira ntchito. Koma ngakhale atazindikira kuti okosijeni wapyola, sathimitsa kamodzin'kamodzi, chifukwa okosijeni m'magazi angatsike kuposa mmene analili wodwala akubwera. Amatsitsa pang'onopang'ono mpaka nambala ibwerere pa 88 mpaka 92.

Ngati muli gadiyani, musakhudze kotsegulira pa silinda kapena pa konsentireta, ngakhale mukuona ngati malita 2 achepa. Uzani namwino pofika pomwe kuti wodwala wanu ali ndi vuto la chifuwa la nthawi yaitali, funsani nambala imene akuyenera kukhalapo, ndipo akayamba kuvuta kudzutsa, itanani achipatala nthawi yomweyo.