Masekondi khumi oyamba: moni uyambe wadikira

Tsegulani mavidiyo a anthu athu pa YouTube kapena pa Facebook, ambiri muwapeza akuyamba mofanana. Wojambula akhala pampando, akonza kolala, kenako: "Moni nonse okondedwa, muli bwanji? Ine ndili bwino. Takulandiraninso patsamba lathu, musaiwale kudina Subscribe." Yesani kuwanena mawu amenewa wotchi ili m'manja. Masekondi khumi amathera pomwepo, wowonera asanamve kanthu kalikonse ka nkhani imene wabwerera.

Ulemu umenewu si wolakwika. Kwathu munthu salowa m'nkhani asanapereke moni, ndipo wotero timamuyesa wamwano. Koma wowonera vidiyo sanabwere pakhomo panu kudzacheza. Akungodutsa, chala chili pafoni, bando ikutha, ndipo pansi pa vidiyo yanu pali ina yomwe ikumudikira. Makampani eni ake amadziwa kufupika kwa nthawiyi. Malonda ambiri a pa YouTube amalola munthu kuwadumpha pakangotha masekondi 5, ndipo Facebook ili ndi chiwerengero chapadera cha anthu amene aonera vidiyo kwa masekondi 3 okha.

Ntchito ya masekondi oyamba ndi imodzi: kutsimikizira munthu kuti zimene mutu wa vidiyo ndi chithunzi chake zamulonjeza zilimodi, ndipo zayamba kale. Tiyerekeze kuti mayi wina wophika mandasi wajambula vidiyo ya mphindi zinayi, mutu wake ndi wakuti "Chifukwa chake mandasi anu amamwa mafuta". Mmene anajambulira, akuyamba ndi moni, kenako kutchula ufa, shuga ndi yisiti, kenako kukanda. Yankho lenilenilo, lakuti mtanda ukalowa m'mafuta osatentha mokwanira umakhalitsa m'poto n'kumamwa mafutawo, likubwera pa mphindi yachitatu. Amene anadina vidiyoyo amadziwa kale kukanda. Afika pa mphindi yachitatu ndi ochepa.

Chiyambi chabwino nthawi zambiri chimakhala chili kale m'kati mwa zimene mwajambula, n'chifukwa chake ndi bwino kuchilemba pomaliza. Mayiyu aonere vidiyo yonse, afunefune chithunzi chimodzi chimene chikusonyeza vutolo popanda kufotokoza. Chilipo chakumapeto: mbale ziwiri za mandasi, ndipo akafinya a mbale yoyamba papepala, pepalalo likunyowa mafuta, pamene a mbale yachiwiri akulisiya louma. Chimenecho chibwere kutsogolo, chikhale choyamba kuoneka. Mawu opita pamwamba pake akhale otere: "Awa amwa mafuta, awa ayi, koma ufa wake ndi umodzi. Vuto ndi moto. Onani mmene mungayesere mafuta musanaponye mtanda."

Ndi mawu 19, ndipo polankhula mosathamanga amadya pafupifupi masekondi khumi. Chichewa chili ndi mawu aatali, "musanaponye" yekha ali ndi maphatikizo asanu, choncho musakhulupirire maso papepala. Werengani mokweza, foni ikuwerenga nthawi. Mukapitirira, musathamangitse lilime, chotsani mawu.

Taonani mmene ziganizo zitatuzo zagawanira ntchito. Choyamba chikuonetsa vuto limene wowonera akulidziwa kukhitchini kwake. Chachiwiri chikupereka yankho nthawi yomweyo. Ena amaopa kutero, amati ukaulula msanga anthu achoka, ndiye amayamba ndi "dikirani mpaka kumapeto mumve chinsinsi". Ine ndimaona kuti njira imeneyo yatha mphamvu, anthu anapusitsidwa nayo kokwanira. Kunena kuti vuto ndi moto sikuthetsa nkhani, kukubala funso lina: nanga ndidziwa bwanji kuti mafuta atentha? Chiganizo chachitatu chikulonjeza yankho la funso limenelo, ndipo pamene chikunenedwa dzanja lioneke kale likuponya kachidutswa ka mtanda m'poto. Kakamira n'kukhala pansi phee, mafuta sanapse. Kakayandama msanga thovu likuwira m'mbali mwake, ndiye kuti zili bwino. Moni ubwere pambuyo pake, waufupi, dzina ndi "tiyeni tiyambe". Pofika apo munthu ali ndi chifukwa chofunira kukudziwani.

Tsopano kudula. Mu pulogalamu ngati CapCut kapena KineMaster, tambasulani mzere wa vidiyo ndi zala ziwiri mpaka mafunde a mawu aoneke bwino. Kumayambiriro mupeza kachigawo kosalala, kopanda mafunde. Ndi nthawi ija munthu wadina batani, akubwerera pamalo, akukoka mpweya. Nthawi zina imakwana sekondi yathunthu. Ikani mzere wodulira pamene funde loyamba likuyambira, bwererani m'mbuyo pang'ono chabe, dinani Split, mufufute zakutsogolozo. Kubwerera pang'onoko n'kofunika. Vidiyo zambiri za pafoni zimakhala ndi zithunzi 30 pa sekondi, ndipo kusiya zithunzi zitatu kapena zinayi mawu asanayambe kumateteza phatikizo loyamba kuti lisadulidwe. Mukadula mothina, "Awa amwa" amveka "wa amwa". Chotsaninso chizindikiro chozungulira ndi nyimbo yake, komanso kuwala koyamba pang'onopang'ono kuchokera mumdima, chifukwa amene akudutsa amangoona chinthu chakuda n'kupitirira.

Pali kaluso kena kothandiza pamene chithunzi chikusintha kuchoka pa mbale kupita pa poto. Lolani phokoso la mafuta owira liyambe kumveka theka la sekondi potoyo isanaoneke. Khutu limatsogola, diso n'kutsatira, ndipo kudulako sikuonekera. Koma musadule mopitirira. Zithunzi zitatu m'masekondi khumi zakwana pa nkhani ngati iyi. Pepala lonyowa mafuta lija lifunika masekondi awiri kapena atatu kuti munthu alione n'kumvetsa. Kusinthasintha theka lililonse la sekondi kumangozunguza mutu.

Kumbukiraninso kuti pa Facebook vidiyo imatha kuyamba yokha mawu ali otseka, ndipo ambiri amaonera ali m'minibasi kapena pamzere kubanki. Lembani mawu ochepa pachithunzi choyamba, anayi kapena asanu, monga "Mandasi akumwa mafuta? Ndi moto". Pa vidiyo yoimirira ya TikTok kapena Shorts, aikeni chapakati kapena cham'mwamba pang'ono, chifukwa m'munsi ndi kudzanja lamanja mumadzaza mabatani ndi dzina la mwini tsamba. Musanatumize, tsekani mawu muonere masekondi khumiwo, kapena mupatseni wina amene sakudziwa nkhaniyo, mumufunse kuti vidiyoyi ikunena za chiyani. Akazengereza kuyankha, bwererani mukakonze.

Vidiyo ikatuluka, YouTube Studio imaonetsa mzere wosonyeza kuchuluka kwa anthu amene anali akuonerabe pa sekondi iliyonse, ndipo gawo lolembedwa Intro limanena kuti ndi angati pa 100 alionse amene anafika pa sekondi ya 30. Mzerewu umatsika koyambirira pa vidiyo iliyonse, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chofunika ndi katsikidwe kake. Ukagwa ngati phompho m'masekondi atatu oyamba, nthawi zambiri mutu ndi chithunzi zinalonjeza china, vidiyo n'kuyamba ndi china. Ukayenda bwino kenako n'kugwa pa sekondi ya 12, onani chimene chili pamenepo, kawirikawiri ndi moni uja atatalika kapena pempho la Subscribe. Ngati owonera ali makumi angapo okha, mzerewu sunganene zambiri, chifukwa anthu awiri atatu akachoka umagwedezeka wonse. Dikirani achuluke, ndipo muuyerekeze ndi wa mavidiyo anu ena otalika mofanana, osati wa vidiyo ya masekondi 40 ndi ya mphindi khumi.