Ngongole ya K2,000,000: zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu?

Anthu obwereka ndalama amakonda kufunsa funso limodzi: "Ndizidzabweza zingati pamwezi?" Ife owerengera ndalama timafunsanso lachiwiri, loti pomaliza mudzakhala mutapereka zingati. Mayankho onse awiri amatuluka mu fomula imodzi ya PMT, yomwe ili mu Excel ndi mu Google Sheets, ngakhale pafoni.

Tiyerekeze kuti mlimi wa tiyi kuno ku Mulanje akubwereka K2,000,000 kuti aonjezere pogula njinga yamoto ya kabaza, yoti iziyenda pakati pa Chitakale ndi Muloza. Chiwongoladzanja tiike 36 peresenti pachaka. Nambala imeneyi ndi yachitsanzo chabe, inu mudzaikapo yomwe akuuzani kubanki kapena ku SACCO. Mu B1 lembani 2000000, mu B2 lembani 36%, ndipo mu A5, A6 ndi A7 lembani zaka: 2, 3 ndi 5. Kenako mu B5, C5 ndi D5 lembani izi motsatana, n'kuzikokera pansi mpaka mzere 7:

```
=PMT($B$2/12,A5*12,-$B$1)
=B5*A5*12
=C5-$B$1
```

Yoyamba ikupereka ndalama ya pamwezi, yachiwiri zonse zobweza, yachitatu chiwongoladzanja chokha. Tagawa ndi 12 chifukwa kubweza n'kwa mwezi ndi mwezi, choncho chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pamwezi, ndipo zaka nazo zasanduka miyezi. Zizindikiro za $ zimagwira B1 ndi B2 kuti zisasunthe mukamakoka. Kachizindikiro kochotsera kali patsogolo pa B1 n'kongothandiza kuti yankho lisatuluke ngati nambala yoperewera.

Pa zaka ziwiri mlimiyu azibweza K118,095 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chonse ndi K834,276. Pa zaka zitatu ndi K91,608 pamwezi, chiwongoladzanja K1,297,873. Pa zaka zisanu ndi K72,266 pamwezi, koma chiwongoladzanja chafika K2,335,955, kuposa ngongole yeniyeniyo.

Taonani mmene mpumulo ukucheperachepera. Chaka chimodzi choonjezera pa ziwiri zija chatsitsa ya pamwezi ndi K26,487. Zaka zina ziwiri zathunthu zangotsitsa ndi K19,342, koma zadya ndalama yoposa K1,000,000. Chifukwa chake n'chakuti mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K60,000, kaya mwasankha zaka zingati, poti 3 peresenti ya K2,000,000 siisintha. Yotsala pamwamba pa K60,000 ndiyo imadula ngongole. Wa zaka ziwiri amadula K58,095 mwezi woyambawo, pamene wa zaka zisanu amangodula K12,266. Ngakhale akupatseni zaka makumi awiri, ya pamwezi singatsike kufika pa K60,000.

Kodi ndiye kuti zaka ziwiri n'zabwino kwa aliyense? Ayi. PMT imawerenga ngati miyezi yonse ndi yofanana, pomwe tiyi amachuluka nthawi ya dzinja, chilimwe masamba n'kuchepa. Ndalama ya pamwezi muiyeze ndi mwezi wanu wouma kwambiri. Ngati K118,095 simungaipeze mu Seputembala, zilango za kuchedwa zidzadya zomwe mumati mwapulumutsa. Pa chitsanzo ichi ine ndingatsamire ku zaka zitatu. Zisanu sindingazivomere pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yafumbi, chifukwa ikhoza kutha ngongole isanathe.

Zolakwika pa fomulayi zimadziulula zokha. Mukaiwala kugawa ndi 12, yankho la zaka ziwiri limapitirira K720,000 pamwezi. Mukaiwala kuchulukitsa zaka ndi 12, limapitirira K1,000,000, chifukwa kompyuta ikuganiza kuti mubweza m'miyezi iwiri yokha. Poyesa ngati zonse zili bwino, ikani 0 mu B2: zaka ziwiri zipereke K83,333, yomwe ndi K2,000,000 kugawa ndi 24.

Tsono pali vuto lina lomwe silichokera kwa inu. PMT imawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yotsala, yomwe imachepa mwezi uliwonse. Obwereketsa ena amawerengera pa K2,000,000 yonse mpaka mapeto. Akatero, 36 peresenti yomweyo pa zaka ziwiri imakhala K1,440,000, ndipo pamwezi mumabweza K143,333 m'malo mwa K118,095. Choncho nambala ya pa pepala la ngongole ikaposa ya pafoni panu, funsani ngati akuwerengera pa yotsala kapena pa yonse. Funsaninso za inshulansi ndi ndalama yoyendetsera ngongole, zomwe PMT siiziona. Ngongole zambiri za kubanki chiwongoladzanja chake chimasintha pakati panjira, makamaka Reserve Bank of Malawi ikasuntha chake, ndiye musanasaine sinthani B2 kukhala 40% muone ngati ndalama ya pamwezi mungaikwanitsebe.